Mlandu umawola ukapanda deti

Funsani aliyense pa Lirangwe za msewu wopita ku Chingale mpaka ku Machinga, akuuzani kuti boma lakhala likuwanamiza kuyambira kalekale. Akunena zoona za mumtima mwawo, koma mawu akuti "kalekale" sangaopse nduna kapena mkulu wa ofesi iliyonse. Amene mukumudandaulirayo angoyankha kuti nkhaniyo akuidziwa ndipo ikuunikidwa, basi mwasiyana. Tsono nkhani yomweyo tiiyale mwa mtundu wina. Mu 2014 mayi Joyce Banda, ali mtsogoleri wa dziko lino, anayika mwala wa maziko a msewuwu, ndipo chisankho chinachitika pa 20 Meyi chaka chomwecho. Mu 2018 a Peter Mutharika anakhazikitsanso ntchito ya msewu womwewo, ndipo chisankho chotsatira chinali pa 21 Meyi 2019. Apa sindinatukwane munthu, sindinatchule aliyense kuti ndi wabodza. Ndangoyika zinthu zinayi motsatana ndi nthawi yake, ndipo wowerenga aliyense angathe kukafunsa kwa atolankhani kapena ku bungwe loona za misewu ngati zinachitikadi. Akapeza kuti ndi zoona, funso loti miyala ya maziko imakonda nyengo yanji adzifunsa yekha.

Ine ndikuti madandaulo ambiri a anthu a kumudzi amafera m'mafayilo chifukwa cha kalembedwe kake, ngakhale wodandaulayo atalakwiridwadi. Ndikudziwa kuti m'maofesi muli ulesi, muli ziphuphu, muli kukondera. Zimenezo tidzazikamba tsiku lina. Lero mlandu wanga uli ndi ife amene timalembera anzathu makalata: aphunzitsi, alembi a mipingo, alembi a makomiti a chitukuko a m'midzi, ana asukulu amene amalembera makolo awo. Timadzaza masamba atatu ndi malonje, madandaulo ndi mawu okometsera, koma chinthu chimodzi chimene wowerenga akuchifuna, chomwe ndi tsiku limene chinthu chilichonse chinachitika, timachisiya.

Chizolowezi chimenechi tinachitenga pabwalo la amfumu, ndipo kumeneko chimathandiza. Pabwalo munthu amayamba nkhani patali, amatchula agogo ake, amafotokoza mmene iye ndi mnzakeyo ankakhalira bwino poyamba. Nduna za amfumu zimamvetsera chifukwa zikuwadziwa onse awiri, ndipo akanena kuti "chaka chimene kunagwa maliro a anakubala aja" aliyense akudziwa chaka chake. Koma mlembi wa ku ofesi ya leba mu Blantyre sakukudziwani, maliro amenewo sanakhalepo, ndipo patebulo pake pali milandu ina yambiri. Iye ali ndi mafunso ochepa okha: chinachitika n'chiyani, liti, anachita ndani, ndipo ndingatsimikize bwanji? Kalata imene ikumuyankha mafunsowa m'mphindi ziwiri amaigwirirapo ntchito. Imene ikumufuna kuti aifukule yekha amaiyika pansi pa zinzake.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Pa milandu ya pantchito mawu amenewa apweteketsa anthu ambiri. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 62, limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku limene munthu wachotsedwa ntchito kuti akadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lake ngati akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo. Ndiye kuti funso loyamba limene adzakufunseni silidzakhala la nkhanza za abwana anu ayi. Adzafunsa kuti anakuchotsani liti. Mukayankha kuti "cha m'nyengo yokolola", mwamusiya mlembiyo asakudziwa ngati muli mkati mwa nthawi kapena mwachedwa, ndipo mwawapatsa abwana anu mpata wotchula tsiku limene likuwakomera iwowo.

Tiyerekeze nkhani imodzi, yopeka koma yofanana ndi zimene zimachitika pamalo ochitira malonda a m'mbali mwa msewu waukulu uno, kuyambira pa Lunzu mpaka pa Zalewa. Bambo wina ndi mlonda wa usiku pa sitolo yogulitsa zipangizo zomangira. Wadwala malungo, wajomba masiku atatu, ndipo m'masiku amenewo pasitolo pabedwa matumba a simenti. Pobwerera kuntchito abwana amuuzira pageti kuti asadzapondeponso. Mwana wake wa sekondale akamulembera kalata, kawirikawiri imamveka chonchi: ndagwira ntchito zaka zambiri mokhulupirika, ndinadwala pang'ono, abwana ndi munthu woipa mtima, andichotsa ngati galu, ndapitako kangapo koma amangondizungulitsa, ana anga akuvutika, chonde ndithandizeni. Chiganizo chilichonse pamenepa ndi choona, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene mlembi angachitsimikize asanadzuke pampando wake. Zaka zambiri ndi zingati? Pang'ono ndi masiku angati? Kangapo ndi liti ndi liti?

Nkhani yomweyo, itakonzedwa mwa mndandanda wa masiku, ingaoneke motere.

1 Febuluwale 2021: Ndinayamba ntchito ya ulonda wa usiku. Umboni: chiphaso cha pantchito, pepala 1.

30 Epulo 2024: Ndinalandira malipiro omaliza, K90,000, kudzera pa Airtel Money. Umboni: uthenga wa pafoni wokhala ndi nambala ya malipirowo, pepala 2.

27 Meyi 2024: Ndinapita kuchipatala, anandipeza ndi malungo. Tsiku lomwelo ndinatumizira abwana uthenga wowadziwitsa kuti sindibwera. Umboni: buku la kuchipatala ndi chithunzi cha uthengawo, mapepala 3 ndi 4.

28 Meyi 2024, usiku: Pasitolo panabedwa simenti, malinga ndi zimene abwana anandiuza pa 30 Meyi. Ine ndinali kunyumba, ndikudwala.

30 Meyi 2024: Nditabwerera kuntchito, abwana anandiuzira pageti kuti ntchito yatha. Sanandipatse kalata, sanandifunse mbali yanga. Mboni: mlonda wa masana.

6 Juni 2024: Panatha masiku asanu ndi awiri osalandira malipiro a mwezi wa Meyi.

12 Juni 2024: Abwana anandiimbira foni n'kulonjeza kundilipira kumapeto kwa mwezi. Umboni: mndandanda wa mafoni olandira, pepala 5.

1 Julayi 2024: Ndinapita kusitolo, sanandilipire. Ndinasiya kalata yopempha ndalama zanga, ndipo wogulitsa anasayina pa fotokope yanga, pepala 6.

Mizere ndi isanu ndi itatu yokha, yosadzaza ndi tsamba limodzi lomwe, koma onani ntchito imene ikugwira. Munthu wodziwa lamulo akaiwerenga amaona pompopompo zinthu zimene kalata yoyamba ija inazikwirira. Mzere woyamba ndi wachisanu ukumuuza kuti bamboyu wagwira ntchito zaka zitatu ndi pafupifupi miyezi inayi, ndipo kutalika kwa nthawi imeneyi ndi kumene kumagwiritsidwa ntchito powerengera chipukutamisozi. Mzere wa pa 30 Meyi ukumuuza kuti sanapatsidwe mpata wodziteteza, pamene gawo 57 la lamulo lija limati munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanamvedwe. Mzere wa pa 6 Juni sunayikidwepo mwangozi: gawo 53 limati malipiro a munthu amene ntchito yake yatha aperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri. Ndipo tsiku la 30 Meyi lomwelo likumuuza wodandaula mwiniwake kuti miyezi yake itatu ikutha kumapeto kwa Ogasiti. Pofika pa 1 Julayi, akudikirabe lonjezo la pa 12 Juni lija, mwezi wathunthu wapita kale. Abwana akalonjezanso kawiri chimodzimodzi, nthawi yatha iye ali chikhalire kudikira. Anthu ambiri amaluza milandu yawo mwa njira imeneyi, chifukwa cha ulemu ndi kuleza mtima, ndipo munthu amene walemba masiku ake papepala amaona msanga kuti akumuchedwetsa dala.

Mzere umene ndikufuna tiwuyang'anitsitse ndi wa pa 27 Meyi. Nkhani ikafika ku leba, abwana ambiri sanena kuti anamuchotsa munthu. Amati anathawa yekha ntchito. Ena amatulutsa kalata ya chenjezo imene wantchitoyo sanaionepo, yokhala ndi deti la m'mbuyo. Mlonda amene wangonena kuti "ndinadwala pang'ono" alibe pogwira, chifukwa mawu ake ndi a abwana akulemera mofanana, mwinanso a abwana kuposa. Koma amene wayika deti la m'buku la kuchipatala, lolembedwa ndi dzanja la munthu amene nkhaniyi siikumukhudza, pambali pa deti la uthenga umene anatumiza tsiku lomwelo, watseka njira imeneyo. Munthu wothawa ntchito satumiza uthenga wotsanzika m'mawa mwake. Ndipo ngati kalata ya chenjezo ija ikunena kuti anaipereka m'manja mwake pa 28 Meyi, mndandandawu ukufunsa wokha kuti anamupatsira kuti, poti tsiku limenelo anali gone kunyumba. Gawo 61 limati ndi udindo wa olemba ntchito kupereka chifukwa chomveka chochotsera munthu. Mndandanda wa masiku umathandiza kuti katundu ameneyo akhaledi pamutu pawo.

Onaninso mmene mzere wa pa 28 Meyi walembedwera. Mlondayo sanaone simenti ikubedwa, choncho sakulemba ngati anaona. Akulemba kuti anamva kwa abwana, ndi tsiku limene anamva. Kusiyanitsa zimene munaona ndi maso ndi zimene munauzidwa ndi chinthu chimene alembi athu ambiri amachinyozera, ndipo chimagwetsa milandu yabwino. Akakufunsani kuti mukudziwa bwanji kuti inabedwa pa 28 pomwe inu kunalibeko, mukayamba chibwibwi, ndiye kuti mizere ina yonse yayamba kukayikitsa.

Wina anganene kuti bwanji osangoichotsa nkhani ya simentiyo, poti ikumuipitsira mbiri wodandaula. Ine ndikuti iyenera kukhalapo. Abwana adzaitchula ndithu, ndipo mlembi akadzaimva koyamba kuchokera kwa iwo adzadzifunsa kuti n'chiyaninso china chimene mwamubisira. Chinthu chokuipirani mukachilemba nokha, pamalo pake ndi deti lake, chimachepa mphamvu. Pano kubedwako kwagwera pakati pa tsiku la kuchipatala ndi tsiku lobwerera kuntchito, ndipo pamalo amenewo kukumuyeretsa mlondayo.

Tsono pali mawu otsutsa amene ndimawamva, ndipo sindiwapeputsa. Amati zimenezi ndi za anthu ophunzira, okhala ndi madayale. Mayi wa kumudzi kwa Lundu kapena kwa Kunthembwe masiku angawadziwire kuti? Yankho langa ndi loti masiku ali m'nyumba mwake momwemo, kungoti palibe amene anamuuza kuti ndi umboni. Uthenga uliwonse wa Mpamba kapena Airtel Money umabwera ndi deti, ola ndi nambala yakeyake. Buku la kuchipatala lili ndi deti pa ulendo uliwonse. Foni imasunga tsiku ndi ola la amene anaimba. Lisiti la sukulu, khadi la banki ya m'mudzi, kaundula wa zopereka kutchalitchi, zonsezi ndi makalendala. Ndipo pamene palibe pepala, mutu wa munthu umakoleka zinthu pa masiku amene dziko lonse likuwadziwa. Mlonda wathu uja mwina sakukumbukira kuti abwana anamuimbira pa 12 Juni, koma akukumbukira kuti panali patangotha masiku awiri chisowereni ndege imene inanyamula malemu Saulos Chilima ndi anzawo, ndipo ndegeyo inasowa Lolemba pa 10 Juni 2024. Wina amakumbukira kuti zinachitika namondwe wa Freddy atangowomba, ndiye kuti ndi pakati pa mwezi wa Malichi 2023. Winanso amakumbukira kuti kunali kutangotsala pang'ono tchuthi cha Chilembwe, chomwe ndi 15 Januwale. Ntchito ya wolemba kalata ndi kukhala pansi ndi wodandaulayo, kalendala ili pambali, n'kumamufunsa modekha: linali tsiku la msika kapena ayi, ana anali atatsekera, munali mutalandira kale malipiro? Ola limodzi la mafunso otere limapindula kuposa masamba atatu a madandaulo.

Koma apa mpamene pali ngozi yaikulu, ndipo ndikupempha alembi onse andimvetse. Deti lopeka ndi loipa kuposa kusowa kwa deti. Wolemba wofuna kuti kalata ioneke yaudongo amatha kungoyika "15 Meyi" pamene wodandaula wanena kuti "pakati pa mwezi". Kenaka zimapezeka kuti pa tsiku limenelo abwana anali ku Lilongwe ndipo ali ndi malisiti a ulendowo, kapena kuti linali Lamulungu ofesi ili yotseka. Bodza limodzi laling'ono limenelo, limene wodandaula sanalinene n'komwe, limapatsa mbali inayo mwayi wonena kuti mndandanda wonse ndi wopeka. Pamene simukutsimikiza, lembani zimene mukudziwa zokhazo: "pakati pa 13 ndi 17 Meyi 2024", kapena "sabata yomaliza ya Epulo, malipiro asanatuluke". Mukamaliza, tengani kalendala ya chaka chimenecho muone ngati deti lililonse likugwirizana ndi dzina la tsiku limene wodandaula akulikumbukira. Akati linali Lachinayi koma kalendala ikuti Loweruka, chimodzi mwa ziwirizo n'cholakwika, ndipo ndi bwino muchipeze inuyo kusiyana n'kuti achipeze loya wa abwana. Dzina la mwezi muzilemba m'mawu. Mafoni ena amayamba ndi mwezi, ena ndi tsiku, kotero 06/07 wina amawerenga 6 Julayi pamene wina akuwerenga 7 Juni.

Ena amati mndandanda wotere ndi wouma, umachotsa ululu wa munthu m'nkhani yake. Ululuwo ndi weniweni ndipo uli ndi malo ake: ndime imodzi pansi pa mndandanda, yofotokoza zimene banja ladutsamo, kenaka ndime ina yonena zimene mukufuna ndi kuchuluka kwake, monga malipiro a Meyi, malipiro a mwezi umodzi m'malo mwa chidziwitso chimene simunapatsidwe, ndi chipukutamisozi. Koma m'mizere ya masiku musalowemo mawu ngati "mwankhanza" kapena "mwachinyengo". Mawu amenewo mbali inayo ingawakane, ndipo mukangana mpaka dzuwa kulowa. Zoti pa 30 Meyi simunapatsidwe kalata angazikane pokhapokha atatulutsa kalatayo ndi umboni woti munailandira.

Kufupika nakonso n'kofunika. Ndaonapo anthu amene, atamva za ubwino wa masiku, amalemba ulendo uliwonse wa minibasi, moni aliyense, mpaka mizere makumi anayi. Pamenepo tsiku lofunika lija lamiranso. Mzere ukhalepo ngati ukuyambitsa kapena kutseka nthawi imene lamulo limawerenga, ngati ukuonetsa chimene wina anachita kapena analephera kuchita, kapena ngati pali pepala loutsimikizira. Maulendo asanu opita kukapempha ndalama zomwezo angalowe mumzere umodzi wokhala ndi madeti asanuwo. Mapepala a umboni apatseni manambala motsatana ndi mizere, ndipo mupereke mafotokope, enieniwo musunge kunyumba.

Sindikunena kuti mndandanda umapambanitsa mlandu. Sutsimikiza chilichonse pawokha. Umangolozera pamene umboni uli. Mboni ikhoza kuopa kuchotsedwa nayonso ntchito n'kukana kuyankhula. Foni ikhoza kubedwa pamodzi ndi mauthenga onse, n'chifukwa chake ndi nzeru kukopera deti ndi nambala ya uthenga m'kope tsiku lomwelo. Ndipo ofesi yaulesi ingathe kugonetsa ngakhale dandaulo lolembedwa bwino kwambiri.

Pa ulesi wa ofesi umenewu mpamene mndandanda umagwira ntchito yake yachiwiri, imene anthu ambiri saidziwa. Suthera pa tsiku lopereka kalata. Tsiku limenelo ndi mzere watsopano, ndipo likufunika umboni wake: chidindo cha ofesi, deti ndi siginecha ya wolandira pa fotokope yanu. Gawo 62 lija limanenanso kuti mkulu wa leba akalephera kuthetsa nkhani pakatha mwezi umodzi, ikhoza kupita kukhothi loona milandu ya apantchito. Mwezi umenewo mudzauwerenga kuyambira pati ngati mulibe chosonyeza tsiku limene munapereka dandaulo? N'chimodzimodzi ndi komiti ya m'mudzi imene yalembera ofesi ya boma kufunsa za msewu, mjigo kapena chipatala. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa mwa kalata pamene ofesi ya boma yapanga chiganizo chokhudza ufulu wake. Ndipo ofesi ya Ombuzimani ilipo kuti ifufuze maofesi a boma amene akuzunza anthu, kuphatikizapo kuwachedwetsa popanda chifukwa. Koma kuti Ombuzimani aone kuchedwa, akufuna madeti awiri, la pamene munalemba ndi la lero, ndi pepala lotsimikiza loyambalo.

N'chifukwa chake ndikutsutsana kwambiri ndi chizolowezi cha m'maofesi ena cholandira kalata ya munthu n'kumuuza kuti "siyani pompo, tiona", osadinda chilichonse. Ena amati chidindo chatsekeredwa, ena amati wosayina watuluka. Kaya n'kusasamala kaya n'dala, zotsatira zake n'zimodzi: munthu amene walipira minibasi kuchokera pa Lirangwe mpaka m'tauni akubwerera alibe chosonyeza kuti anafikako, ndipo ofesiyo yadzichotsera wotchi imene ikanaiwerengera masiku. Akuluakulu a khonsolo ya boma la Blantyre, a leba ndi a maofesi ena onse olandira madandaulo alamule kuti kalata iliyonse idindidwe wodandaula akuona, ndipo lamulo limenelo alipachike pakhomo m'Chichewa. Pamene tikudikira zimenezo, wopereka kalata asachoke pawindo asanapemphe chidindo. Akamukaniza, alembe pa fotokope yake yomweyo deti, ola, udindo wa amene walandira ndi dzina la amene anamuperekeza, ndipo umenewo ukhale mzere wachisanu ndi chinayi.